Kalata yopempha adivansi: ndilembe bwanji kuti asandidule zonse mwezi umodzi?

Bambo a Tadala (Chitakale): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yofuna nzeru zanu, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'maofesi a malipiro. Ndine kalaliki pa fakitale ya tiyi kuno ku Mulanje, chaka chino n'chachisanu. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 kusukulu yogonera komweko, ndipo teremu ikutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale. Fizi, thiransipoti ndi tina ndi tina zikukwana K180,000. Ndikufuna kupempha adivansi kuntchito koma ndili ndi mantha. Chaka chatha ndinapempha K60,000 pa maliro a malume, m'kalatamo ndinangolemba kuti "muzindidula pang'onopang'ono". Mwezi utatha anadula yonse kamodzi. Nditakafunsa anandionetsa kalata yanga yomwe, n'kundifunsa kuti paliponse pamene ndinalemba miyezi ndi pati. Ndinasowa chonena. Ulendo uno akadula K180,000 kamodzi ndiye kuti kunyumba sikuyaka moto. Ndilembe bwanji?

Achimwene a ku Limbuli: Bambo a Tadala, pepani, koma anachita zoyenera. Adivansi ndi malipiro anu omwe mwatapako mwezi usanathe, ndiye mwezi ukatha amachotsa yonse. Ya miyezi ingapo imeneyo ndi ngongole, ndipo ngongole imakhala ndi chiwongoladzanja. Pitani ku SACCO basi.

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Achimwene mwanena zoona mbali imodzi. Ine ndakhala pa tebulo la malipiro zaka zambiri, ndipo zilidi choncho kuti kalata ikangoti "adivansi" popanda china, ife timaitenga ngati ya mwezi womwewo. Ndi mmene makina athu amaiwerengera ngati sitinawauze zina. Koma sikuti kulikonse ya miyezi ingapo ili ndi chiwongoladzanja. Kwathu timapereka mpaka miyezi itatu popanda kuonjezera kanthu, bola abwana asaine kuti avomera miyezi imeneyo. Malo ena amaitcha ngongole ya antchito ndipo ili ndi fomu yakeyake. Ndiye Bambo a Tadala, musanalembe chilichonse, kafunseni kuofesi kuti kwanuko ya miyezi ingapo amaitchula kuti chiyani, miyezi yake ndi ingati, ndipo fomu ilipo kapena ayi. Mukalemba dzina lolakwika pamutu pa kalata, ilowa m'khola lolakwika.

Komanso ndiuzeni, pa peyisilipi yanu pamaoneka zingati pamwamba, ndipo mumalandira zingati m'manja?

Bambo a Tadala (Chitakale): Zikomo mayi. Pamwamba ndi K300,000. Msonkho ndi penshoni zikachoka pamatsala K246,000. Kenako pali ngongole ya SACCO, amadula K36,000 mwezi uliwonse. M'manja ndimalandira K210,000. Nthawi ya masamba ambiri ngati ino pamabwerako ya ovataimu, koma siifanana mwezi ndi mwezi.

Mayi a Chikondi (Luchenza): Zaka zisanu osakukwezerani malipiro? Lembani kalata yamphamvu, mutchule mmene zinthu zakwerera mtengo, thumba la chimanga, sopo, zonse. Muikemonso kuti simunajombepo. Ine mlamu wanga analemba choncho anamuonjezera.

Bambo a Tadala (Chitakale): Ayi mayi, si za kukweza malipiro. Ndikupempha kuti andipatsiretu ndalama, azidula pa malipiro anga.

Mayi a Chikondi (Luchenza): Ooh, pepani, ndinawerenga mothamanga ndili pa minibasi. Komabe zoti simunajombepo muikemo.

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Angaikemo mzere umodzi, sizilakwika. Koma ndikuuzeni zimene zimachitika kalata ikafika. Abwana amaona chifukwa chake, n'kufunsa ife a ku akaunti funso limodzi: munthuyu angathe kubweza? Ife sitiwerenga madandaulo. Makalata ena amadzaza masamba awiri kufotokoza mavuto a pakhomo, koma nambala ili imodzi yokha, ya ndalama imene akufuna. Kalata yotere imandisiyira ine kuti ndisankhe kadulidwe, ndipo ine sindidziwa kuti lendi yanu ndi zingati.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Muyambire pa K210,000, osati pa K300,000. Anthu ambiri amagwera pamenepa, amawerengera ndalama ya pamwamba yomwe saigwira n'komwe. K180,000 mukaigawa miyezi itatu ndi K60,000 pa mwezi, mutsala ndi K150,000. Miyezi inayi ndi K45,000, mutsala ndi K165,000. Miyezi isanu ndi umodzi ndi K30,000, mutsala ndi K180,000. Tsopano inu mutiuze, pakhomo panu pamafunika zingati kuti mwezi uthe osakongola kwina?

Bambo a Tadala (Chitakale): Ndakhala pansi ndi mayi a kunyumba tawerengera. Lendi K40,000. Chakudya, makala ndi sopo K85,000, ndiye tikudziletsa zambiri pamenepo. Magetsi ndi madzi K12,000. Kabaza ndi minibasi K8,000. Amayi kumudzi timawatumizira K15,000. Zonse K160,000. Ndiye ndikuona kuti ya miyezi isanu ndi umodzi ndi imene ingandipepukire.

Aphunzitsi a ku Bvumbwe: Bambo, imani kaye pamenepo. Ine ndalama za m'maofesi sindizidziwa kwambiri, koma kalendala ya sukulu ndimaidziwa. Teremu yachitatu imatsegulidwa mu Epulo. Mukayamba kubweza mu Januwale kwa miyezi isanu ndi umodzi, mumaliza mu Juni. Ndiye kuti fizi ya Epulo ikupezani muli pakati pa ngongole ya fizi ya Januwale. Ndaona makolo ambiri akubwera kudzapepesa kwa ahedi chifukwa cha zomwezi, kuntchito awakaniza kuti yoyamba sinathe.

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Aphunzitsi mwalasa. Kwathu, ndipo ndikudziwa kuti malo ambiri ndi chimodzimodzi, sitipereka adivansi yachiwiri yoyamba isanathe. Ndiye posankha miyezi musamangoona kuti kudula kuchepe. Muonenso tsiku limene vuto lomwelo lidzabwererenso, ndipo ngongoleyo ithe tsikulo lisanafike. Kwa inu ndi kumapeto kwa Malichi. Miyezi itatu: Januwale, Febuluwale, Malichi.

Koma miyezi itatu pa K180,000 ikukusiyani ndi K150,000, pamene pakhomo pakufunika K160,000. Mukuperewera K10,000 mwezi uliwonse, ndipo ndi miyezi ya njala imene chimanga chimakwera mtengo pamsika. Pali chinanso. Kwathu tili ndi lamulo loti zodula zonse pamodzi zisapitirire theka la malipiro a pamwamba. Theka la K300,000 ndi K150,000. Inu msonkho ndi penshoni ndi K54,000, SACCO K36,000, mukaikapo K60,000 zikukwana K150,000 ndendende. Muli pa mzere penipeni. Kalata yotere ine ndimaibweza kuti munthu aganizenso, chifukwa pakangobwera kodula kena kakang'ono, tadutsa malire.

Maganizo anga ndi akuti muchepetse ndalama yopempha. Pemphani K150,000, azidula K50,000 kwa miyezi itatu. Mutsala ndi K160,000, yomwe ikukwanira ndendende zimene mwawerengera. K30,000 yotsalayo muipeze kwina.

Achimwene a ku Limbuli: Koma mwaiwala ovataimu. Januwale mpaka Malichi fakitale siigona, masamba amachuluka ndi mvula. Munthuyu alandira zoposa K210,000. Apemphe yonse K180,000, ovataimu itseka dzenjelo.

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Ikhoza kutsekadi, sindikukana. Koma kudula kumene mwasainira sikusintha, pamene ovataimu imasintha. Mukadwala malungo sabata imodzi, kapena makina akaima, kapena mvula ikaononga misewu ngati mmene zinachitikira ndi Freddy mu Malichi 2023, ovataimu kulibe koma K60,000 ichoka ndithu. Ine ndimawauza anthu kuti awerengere pa malipiro okhazikika okha. Ovataimu ikabwera, ikhale poyambira fizi ya Epulo.

Achimwene a ku Limbuli: Pamenepo sitigwirizana. Kusiya K30,000 kuti akaifune kwina, kwinako n'kuti? Mapeto ake ndi katapila, amene pa K30,000 afuna K45,000 mwezi ukatha. Bola adivansi yopanda chiwongoladzanja ngakhale ikufinye.

Bambo a Tadala (Chitakale): Kwa katapila sindipitako achimwene. Mayi a kunyumba amagulitsa nanazi ndi mapeyala, ndipo ali mu banki m'khonde imene agawana kumene mwezi uno. Akuti K30,000 angathe kuikapo. Ndiye K150,000 ingakwane. Anaphiri, mungandithandize mawu ake a kalatayo?

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Nayi mmene ndingalembere ine. Pamwamba muike tsiku, dzina lanu lonse, nambala yanu ya ntchito ndi dipatimenti. Ipite kwa amene amavomereza, kudzera kwa abwana amene amakuyang'anirani. Mutu wake ukhale wonena zonse: "Pempho la adivansi ya K150,000 yobweza miyezi itatu". Kenako:

"Ndikupempha adivansi ya K150,000 kuti ndilipire fizi ya mwana wanga ya teremu yachiwiri. Kalata ya kusukulu yosonyeza fiziyo ndaiphatika. Ndingathokoze nditalandira ndalamayi pofika pa 5 Januwale.

Ndikuvomera kuti muzidula K50,000 pa malipiro anga mwezi uliwonse kwa miyezi itatu motere: Januwale K50,000, kutsala K100,000; Febuluwale K50,000, kutsala K50,000; Malichi K50,000, ngongole yatha. Kudula komaliza kukhale pa malipiro a Malichi.

Pakadali pano ndimadulidwa K36,000 ya SACCO pa mwezi, ndipo ndilibe adivansi ina. Ngati ntchito yanga itatha ndisanamalize kubweza, ndikuvomera kuti yotsalayo ichotsedwe pa malipiro anga omaliza."

Musaine pansi, ndipo musiye malo oti abwana ndi a ku akaunti asainenso ndi kulemba tsiku. Pa miyezi muike ndi chaka chomwe. Ngati ofesi yanu imafuna Chingerezi mutembenuze, manambala ndi omwewo.

Taonani kuti chifukwa chake chatenga mizere iwiri yokha. Mbali yaikulu ndi ya kubweza. Ndipo mawu oti "kutsala" aja si okometsera. Ndi amene mudzagwiritse ntchito poyang'ana peyisilipi mwezi uliwonse.

Mayi Nangondo (Masambanjati): Pa mzere woti "kudula komaliza kukhale Malichi" ndikuti musauiwale zedi. Ine ndinkagwira ntchito pa malo ena ogona alendo, ndinatenga K80,000 yoti azidula K20,000 miyezi inayi. Tinangogwirizana pakamwa ndi abwana. Mwezi wachisanu anadulanso. Wachisanu ndi chimodzi anadulanso, ine osazindikira chifukwa ndalama inkangolowa pa foni, peyisilipi sindinkatenga. Nditazindikira, abwana aja anali atasamutsidwa, ndipo amene anabwera anati iwo sadziwa kanthu. Ndinayenda miyezi itatu kuti andibwezere K40,000 yanga. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa nthawi imeneyo mwana anali kuchipatala.

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Pepani kwambiri mayi. Nthawi zambiri sikukhala kuba, koma mmene zimalowetsedwera m'makina. Pali njira ziwiri. Ina timalemba ndalama yonse ndi yodula pa mwezi, makina amaleka okha ikatha. Ina timangolemba kuti "dula K20,000 mwezi uliwonse", ndipo imapitirira mpaka munthu akumbukire kuichotsa. Kalaliki akasinthidwa, palibe wokumbukira. Mungadziwe ndi peyisilipi: ngati pafupi ndi yodulayo pakuoneka yotsala, ndipo ikutsika mwezi ndi mwezi, zili bwino. Ngati pakungooneka yodula yokha, pitani kuofesi mwezi womaliza usanathe mukawakumbutse, mutanyamula fotokope ya kalata yosainidwa.

Peyisilipi musamaisiye. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wantchito azilandira pepala losonyeza malipiro ndi zonse zodulidwa, ndipo zodula ngati izi zimafuna chilolezo chake cholembedwa. Zikavuta kumvana, ku ofesi ya zantchito pa boma amayamba kufunsa mapepala omwewo.

Mnyamata wa pa sikelo (Muloza): Moni akuluakulu. Ine funso langa ndi losiyana pang'ono. Ndimagwira ya nyengo, kuyeza masamba, kontirakiti yanga ikutha mu Epulo. Ndikufuna K70,000 ya malata awiri atatu ndi misomali, denga likudontha. Kodi ngati ine angandipatse?

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Zitengera malamulo a kwanuko, ena a nyengo sawapatsa ya miyezi ingapo. Koma ngati mukuyesa, mwayi wanu uli pa kuonetsa kuti ithe kontirakiti isanathe, ndipo musaike kudula komaliza pa mwezi womaliza weniweniwo. Mwezi umenewo masiku amakhala osakwana, malipiro amachepa. K35,000 Januwale ndi K35,000 Febuluwale, ngati malipiro anu angapirire. Mulembenso tsiku limene kontirakiti ikutha kuti asavutike kufufuza.

Mnyamata wa pa sikelo (Muloza): K35,000 ndi yambiri kwa ine mayi. Ndiyesa itatu mpaka Malichi, ndione ngati alola.

Achimwene a ku Limbuli: Ine mzere wa "ngati ntchito itatha muchotse pa malipiro omaliza" sukundisangalatsa. Mukudzimangirira nokha chingwe. Bwanji akakuchotsani ntchito mu Febuluwale, mupite kunyumba chimanjamanja? Ndiye atenganso ndi penshoni yanu.

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Penshoni ayi. Ija 5 peresenti yanu ndi 10 peresenti ya kampani imapita ku bungwe losunga penshoni, sikhala m'manja mwathu, ndipo mzere umenewo sukuikhudza. Ukunena za malipiro a mwezi womaliza ndi zina zimene kampani ikukulipirani potsanzikana, monga masiku a tchuthi osapita. Nkhawa yanu ndikuimva, ndi yoona. Koma kwathu kalata yopanda mzere umenewo abwana saisaina, ndipo fomu yathu ili nawo kale. Ngati ulipo kale pa fomu, ndi bwino munthu audziwe asanasaine. Ndi chifukwa chinanso chimene ndikunenera kuti ngongole ikhale yaing'ono ndi ya nthawi yochepa.

Achimwene a ku Limbuli: Ine ndikanakhala iwo ndikanausiya, aufunse okha.

Bambo Golosale (Chonde): Ndiyankhuleko ngati wolemba ntchito, ngakhale anga ndi anyamata atatu okha pa shopu. Wina akabwera n'kunena kuti bwana ndithandizeni, muzidula mmene mungaonere, mtima wanga sukhazikika. Ndikadula zambiri ndine woipa, ndikadula zochepa ndalama yoodera katundu yagona miyezi. Koma mmodzi anabwera ndi kapepala, ndalama yake, miyezi yake, ndi zimene zichitike akasiya ntchito. Ndinamupatsa tsiku lomwelo. Tinalemba mu kope la shopu, mwezi uliwonse timasaina tonse awiri pa yotsala. Ndiye mzere umene Achimwene akuukanawo, kwa ife ndi umene umatsegula dzanja.

Bambo a Tadala (Chitakale): Ndamva mbali zonse, ndiuika. Funso lina Anaphiri: nanga nditapempha kuti Januwale adule K30,000 yokha popeza ndi mwezi wovuta, Febuluwale K50,000, Malichi K70,000?

Anaphiri a ku akaunti (Thyolo): Pa pepala zikuoneka bwino, koma ndikukulangizani ayi. Yofanana mwezi uliwonse timailowetsa kamodzi. Yosinthasintha imafuna kuti wina aikonze pamanja mwezi ndi mwezi, ndipo pamenepo ndi pamene zolakwika zimalowera. Komanso K70,000 ya Malichi ikudutsitsani theka lija: K54,000, K36,000 ndi K70,000 ndi K160,000.

Chinthu china chofunika, funsani tsiku limene amatseka mabuku a malipiro. Kwathu ndi pa 15. Kalata ikasainidwa tsikulo litadutsa, kudula kumayamba mwezi wotsatira, ndipo miyezi yanu yonse imasuntha. Ikatero musangosiya, akonze miyezi pa kalatapo ndi cholembera, onse asaine pambali. Apo ayi ena amadula kawiri mwezi wachiwiri pofuna kufananiza ndi zimene munalemba.

Mayi a Chikondi (Luchenza): Ndasunga kalatayi, ndiwapatsa bambo a kunyumba. Iwo amangopita pakamwa.

Bambo a Tadala (Chitakale): Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Kuofesi anandiuza kuti ya miyezi ingapo ili ndi fomu, ndipo malire ake ndi miyezi itatu, ndiye ya miyezi isanu ndi umodzi ija akanaikana ndithu. Ndinadzaza fomuyo n'kuphatika kalata yanga ndi ya kusukulu. Abwana anali pa tchuthi, asaina dzulo. A ku akaunti akuti yalowa m'mabuku a Januwale, ndipo andipatsa fotokope yokhala ndi chidindo. Ndalama ilowa Lachisanu. Mwana apita mochedwa ndi masiku awiri, ndawaimbira kale a kusukulu.

Aphunzitsi a ku Bvumbwe: Zayenda bwino. Koma bambo, ya Epulo mwaiganizira? Mukumaliza kubweza kumapeto kwa Malichi, ndipo pa miyezi itatuyi simukusunga kanthu kupatula ovataimu. Malipiro a Epulo adzatuluka sukulu itatsegulidwa kale.

Bambo a Tadala (Chitakale): Ndi zimene zikundisowetsa tulo aphunzitsi. Ya SACCO ikutha mu Meyi, ndiye K36,000 ija imasuka mochedwa. Ovataimu ndiziika padera, koma sindikhulupirira kuti ifika K180,000. Kuofesi ndafunsa ngati ndingadzapemphenso mu Epulo, akuti fomu siletsa koma abwana sakonda munthu wobwera teremu iliyonse.

Aphunzitsi a ku Bvumbwe: Mukamakasiya mwana, mukaonane ndi ahedi kapena wosunga ndalama maso ndi maso, muwafunse ngati ya teremu yachitatu mungadzalipire kawiri, theka potsegulira, theka malipiro a Epulo akatuluka. Sukulu zina zimalola kholo likanena msanga. Zina sizilola ngakhale pang'ono, makamaka zogonera chifukwa cha chakudya. Mukafunse panopa, osadikira Epulo.

Bambo a Tadala (Chitakale): Ndimuperekeza ndekha Loweruka, ndikafunsa. Anaphiri, peyisilipi ya Januwale ikatuluka ndidzakuuzani ngati yotsala ikuoneka K100,000.